Pasiwedi pa Tenti ya Maliro

Mu komboni yonse ya Mtendere munalibe munthu wopatsa ngati Moven Njobvu, makamaka zinthuzo zikakhala za eni ake. Atangofika kuchokera ku Katete pamodzi ndi mayi ake a Felistus ndi mlongo wake Towela, anayamba ukondakitala wa minibasi. Ntchito ankaigwira bwino, kungoti aliyense womutchula kuti "bosi" ankakwera ulere, ndipo mwini basi, munthu wouma mtima amene ankakhulupirira kuti galimoto imayendera mafuta, anamuchotsa. Anagulitsako makala, ndipo chaka chimenecho anthu a mumzere wa kwawo anaotha moto nyengo yonse yozizira, iye n'kutsala ndi masaka opanda kanthu. Pamapeto pake anatsegula kanyumba kamalata kometeramo tsitsi kuseri kwa msika. M'menemo munali makina awiri, galasi lothyoka pangodya, benchi, ndi pakamwa pa Moven, pamene sipankatsekeka chitsegulire mpaka chitsekere.

Towela ndiye anali wamanja ogwira. Anapita ku Oman kukagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo pasipoti yake inkasungidwa ndi mayi wa panyumbapo. Atakhazikika anatumiza ndalama kuti agule maifai, kabokosi ka intaneti konga sopo wosambira, kokhala ndi batire, koti nkuyenda nako m'thumba. Cholinga chinali chimodzi: kuti Lamlungu lililonse masana iye ndi mayi ake azionana pa vidiyo. Mwezi ndi mwezi ankalipiranso yekha bandulo ija imene kampani ya netiweki inkaitcha anilimitedi, kutanthauza yopanda malire.

Tsiku logula, mtsikana wa m'sitolo anayamba kufotokoza kuti pali kalamulo kena kotchedwa feya yuseji. Moven anakweza dzanja ngati wapolisi wa pamsewu.

"Ba sisita, Chizungu niziba. Anilimitedi ni anilimitedi. Longani chabe mu pulasitiki."

Kabokosiko sikanagone kwa a Felistus ngakhale tsiku limodzi. Moven anaona kuti nyumba ya mayi ake ili ndi chinyezi, komanso akuba achuluka, choncho mwa chikondi chake anakasungira kometera tsitsi. Lamlungu ankapita nako kwa mayi, n'kuwagwirira foni uku akulankhula ndi mwana wawo, ndipo pa chimenechi sanajombepo, tinene zoona. Masiku ena onse kankatumikira mtundu. Anthu ankaonera mpira pabenchi, ena ankabwera ndi mitu yometa kale kudzangopereka moni. Munthu akanena kuti akukagula bandulo, Moven ankamuyang'ana mwachisoni.

"Mukali kugula tumabandulo, ba kamba? Ise kuno tinachokako ku umphawi uja."

Miyezi ina, mpira ukachuluka, intaneti inkayamba kukwawa chakumapeto kwa mwezi. Moven ankadziwa zifukwa zake zonse: mitambo, kuzima kwa magetsi, nsanje ya wometa wa tsidya lina la msewu. Ankakamenyetsa pang'ono patebulo kabokosiko, ndipo patapita masiku, Towela akalipira mwezi watsopano, kankachira. Moven ankauza makasitomala kuti makina amafuna munthu wodziwa powamenya.

A Felistus anamwalira nyengo yotentha, atadwala sabata imodzi yokha. Moven analira ngati mwana, chifukwa mayi akewo ndi okhawo amene ankamvetsera nkhani zake mpaka kumapeto. Towela anapempha abwana ake kuti apite kwawo, koma anamuuza kuti mgwirizano wa ntchito sunathe, ndipo pasipoti sinatuluke m'kabati. Chimene anamulola ndi kupuma kanthawi kochepa tsiku loika maliro.

"Ba Moven," anatero pa foni, mawu atasasa, "sinizapempha vambili. Chimozi chabe. Pa kuona nkhope, munigwilile foni. Nifuna nibaone amai."

"Iwe Towela, icho chabe? Uzabaona monga uli pamene apo. Tili na anilimitedi."

Amalume awo a Enos, amene ankayendetsa mwambo wonse, anavomera movutikira. Anali ataonapo nkhope za anthu omwalira zikuyendayenda m'mafoni a anthu osawadziwa, ndipo ananenetsa kuti mlongo wawo sajambulidwa. Mwana aone mayi ake pa vidiyo pomwepo, basi, koma chithunzi chosungidwa ayi. Moven analumbira kuti zikhala momwemo.

Tsono ku komboni maliro ali ndi lamulo lake. Mipando imatuluka m'nyumba, amayi amakhala pansi m'katimo, abambo panja pa tenti, ndipo aliyense wobwera amalandiridwa. Safunsidwa kuti malemu ankawadziwa bwanji. Akafika nthawi ya chakudya amadya, akafika nthawi ya tiyi amamwa, ndipo banja limene lingabweze munthu pa maliro lidzakambidwa mpaka zidzukulu. Moven anakulira m'lamulo limeneli ndipo ankalikonda kuposa malamulo onse.

Amene anayambitsa ndi Mwansa, mnzake wa Chibemba wogulitsa nsapato zovalidwapo kale, za salaula. Pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa, kwawo kwa Moven, pali chimbuya, chibale cha chipongwe chimene chimalola Mbemba kunyoza wofedwa, kumupaka ufa kumaso ndi kumulanda chimene wafuna, zonsezo pofuna kumupepuza mtima. Mwansa anafika, anapaka Moven ufa pachipumi, n'kukhala pampando wabwino koposa.

"Imwe bakudya mbeba, malilo yabwanji yopanda waifai? Leta pasiwedi, kapolo wanga."

Anthu anaseka, ndipo Moven, kwa nthawi yoyamba chimwalirire mayi ake, anasekanso. Anatulutsa kabokosi kaja, nakalumikiza ku batire ya galimoto imene inkayatsa nyale ya pa tenti. Mwansa anang'amba katoni ya sopo, analembapo pasiwedi ndi khala, n'kuikoloweka pamtengo wa tenti pamene aliyense wolowa pageti akanaiona asanaone ofedwa.

Chisoni chimene chinagwa pa tenti imeneyo sichinaonekepo mu Mtendere. Abambo anakhala mitu ili pansi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osalankhula, ena misozi ikulengeza chifukwa choyang'anitsitsa. Kabokosiko kankalola mafoni ochepa pa nthawi imodzi, choncho olira ankasinthana mwaulemu: wina akadzaza foni yake ndi mafilimu ankapita kwawo kukapuma, wina n'kulowa m'malo. Mafoni amene anakhala chaka osalandira zatsopano anazilandira zonse pamaliropo. Anyamata a kwaya anatsitsa nyimbo zokwana maliro a komboni yonse. Kunabwera anthu ochokera ku Kalingalinga, ena mpaka ku Chawama, amene atafunsidwa ananena kuti malemu bambowa anali munthu wabwino kwambiri.

Moven ankayendayenda pakati pawo, ufa uli pachipumi, mtima uli m'malo. Mayi ake ankaikidwa ngati munthu wamkulu. Mayi wina woyandikana nawo atamunong'oneza kuti mwina achotse katoni ija, anadabwa kwambiri.

"Nichose? Pa malilo ya amai banga? Siisila iyi, amake mwana. Lekani bantu balile bwino."

M'mawa wa tsiku loika, olira anayamba kudandaula. Vidiyo inkangozungulira kampira pakati osayamba. Bambo wina wa jekete lachikopa, amene palibe ankamudziwa, anamuitana Moven ndi chala n'kumuuza kuti waifai ya pamaliro pano yafooka, ndipo ku maliro ena amene anapitako mwezi watha zinthu zinali zolongosoka.

Moven anachita zonse zimene katswiri amachita. Anazimitsa n'kuyatsa. Anatulutsa batire n'kuipemerera. Anakamenyetsa pabenchi, anakwera nako pampando, anakakweza kumwamba ngati m'busa akudalitsa chopereka. Timizere ta netiweki tinali todzaza bwinobwino, koma kampira kaja kanapitiriza kuzungulira. Pamapeto pake anaimba ku kampani, ndipo poti anthu anali kuyang'ana, anaika foni pa sipika kuti onse amve mmene munthu amalankhulira ndi makampani.

Atamvetsera nyimbo kwa nthawi, anayankha mayi wina wa mawu ofatsa amene anati dzina lake ndi Inonge. Anafunsa nambala ya simu ya m'kabokosi, kenako anati:

"Ba Njobvu, intaneti yanu siinasile, iliko. Chamene chachitika, mwapitilila malile ya feya yuseji."

"Malile? Pa anilimitedi pali malile?"

"Data ilibe malile, sitizakudulani. Koma pali magigabayiti yamene tinaika pa mwezi yoyenda na sipidi yonse. Mukayasiliza, sipidi timaibweza pansi mpaka mwezi wanu usile. Mafoni yonse yamene yagwila pa maifai yanu yapendewa pa simu imozi."

"Chifukwa chani? Nikulipilani na mabotolo?"

"Tawa ya netiweki yamene ili pafupi na imwe ni imozi, na bantu bonse ba kwanu batapa pamene apo. Chili monga pa kiyosiki ya manzi. Muntu umozi akabwela na madilamu, benangu bazabwelela na mabaketi yalibe kantu. So wamene watapa maningi timamuchepesela pompi, koma sitimuvalila. Tinakutumilani na mameseji yokuchenjezani."

"Boza! Kulibe meseji mu foni yanga."

"Yanayenda ku simu yamene ili mukati mwa maifai, ba Njobvu."

Pa tenti wina anatsokomola. Moven anafunsa ngati kuzimitsa ndi kuyatsa kungathandize, ndipo mayiyo anati ayi, kuchepetsako kumachitikira kwa iwo pa laini yake, kabokosiko kalibe mlandu. Anawonjeza kuti mameseji aziyenda, kulankhulana ndi mawu mwinanso kutheka, koma vidiyo ivuta, makamaka ngati mafoni ambiri akugawana kasipidi kotsalako.

"Ngati ni vofunika lelo, mungagule kabandulo kowonjezela. Sipidi izabwela pamene apo."

Mayiyo ananena zinthu zambiri zothandiza, koma Moven anatolapo ziwiri: kuti intaneti sinathe, ndi kuti akumuuza kugula kabandulo pamaso pa anthu onse amene iye anawaseka chaka chathunthu chifukwa chogula timabandulo. Anaimirira bwino, nakonza kolala. Anauza mayiyo kuti iye si mwana, kuti mawu akuti anilimitedi anawawerenga yekha pachikwangwani chachikulu cha pa Great East Road, ndipo panalibe za pompi kapena madilamu. Mayiyo anayankha mofatsa kuti zinalembedwa m'munsi mwake m'malemba aang'ono. Moven anati munthu ali mu minibasi yothamanga sangawerenge nyerere, n'kudula foni. Olira anagwedeza mitu movomereza, ndipo wa jekete lachikopa anati makampaniwa amafunika anthu olimba chonchi.

Kunena zoona, mawu a mayiyo anali ndi nzeru, ndipo mawu a Moven nawonso sanali opanda pake. Tawa imodzi singakwanitse komboni yonse ngati aliyense atsegula mpaka kumapeto, zimenezo n'zoona. Koma amene analemba mawu okoma m'zilembo zazitali ngati munthu, n'kubisa owawa m'munsi, ankadziwanso chimene ankachita. Kungoti tsiku limenelo silinali lozenga milandu, ndipo Towela sanali kuyembekeza chigamulo.

Moven anayesa. Analemba kwa mlongo wake kuti, "Tanyamuka manje manje, nkala pafupi na foni." Meseji inapita nthawi yomweyo, ndipo yankho linabwera: "Nilipo. Nayembekeza." Anaonetsa anthu foniyo monyadira kuti aone okha kuti zinthu zikuyenda. Komabe pansi pa mtima panali kamantha. Anaganiza kuti akagula kabandulo kaja mwakachetechete panjira, popanda womuona. Koma basi ndi lole zinafika, amalume a Enos anamukoka kuti akwere galimoto ya bokosi, anamupatsa mtanda ndi nkhata za maluwa kuti agwire, ndipo njira yonse anakhala manja ali odzaza, amalume ali pambali pake. Kabokosi kanali m'thumba la jekete.

Ku tchalitchi mapemphero anatalika, monga amatalikira munthu akakhala wa Chigwirizano cha amayi. Chimene Moven sanaganizire n'chakuti foni siiwala pamene inadyapo. Olira a pa tenti anadzaza mabenchi a kumbuyo kwake, ndipo mafoni awo, ali m'matumba, anagwiranso okha kabokosi kaja n'kupitiriza kutsitsa zimene anasiyira panjira. Kasipidi kochepa kamene kanatsala kankagawidwa mwachilungamo pakati pa anthu onse, monga mwa mwambo.

Nthawi yoona nkhope inakwana. Mzere unayenda, amayi akuimba, ndipo achibale anatsalira kumapeto. Mkulu wa mpingo ananong'oneza amalume kuti afulumire, chifukwa panja panali maliro ena akudikira tchalitchi chomwecho. Moven anafika pabokosi n'kuimbira Towela foni ya vidiyo.

Inalira nthawi yaitali isanalumikizike. Nkhope ya Towela inaoneka kamodzi, yosweka m'timabokosi, kumbuyo kwake kuli matailosi oyera a bafa la eni nyumba kumene anabisala kuti alire momasuka. Kenako inauma, pakamwa pali potsegula.

"Ba Mo... sinio... kantu... ba Moven?"

Anatembenuzira foni kwa mayi ake. Anaikweza, anaitsitsa, anatulutsa kabokosi m'thumba n'kukagwedeza. Timizere tinali todzaza. Pagalasi panalembedwa kuti netiweki ndi yofooka, vidiyo yaima. Anatembenukira ku mabenchi, thukuta likutsika, n'kufunsa monong'ona koma mwamphamvu:

"Ndani ali na bandulo? Napapata, ndani ali na bandulo?"

Chisoni chinawagwiranso anthu aja. Mitu yonse inagwa pansi nthawi imodzi. Ena mwina analibedi, poti munthu sagula chimene wakhala akudya ulere sabata yonse. Mwansa yekha ndiye anadumpha, nkhope ili gwa, chipongwe chonse chitamuthera, n'kuyamba kudinadina foni yake kuti agule. Analakwitsa nambala yachinsinsi, anayambiranso.

Amalume a Enos anagwira Moven paphewa. Sanakalipe. Anangoti, "Mphwanga, nthawi." Amuna awiri anali ataima kale ndi chivundikiro.

Moven anazimitsa vidiyo n'kuika foni kukhutu, ndipo mawu a Towela anamveka, ang'onoang'ono koma athunthu, monga mmene mayi wa ku kampani ananenera.

"Towela, vidiyo yakana. Nikhululukile, mwana wa amai. Ni ine nalakwa."

Anamva mlongo wake akukoka mpweya.

"Kambani chabe, ba Moven. Imwe mumakwanisa kukamba. Niuzeni mwamene baonekela."

Munthu amene sanasowepo mawu chibadwire anayang'ana mayi ake n'kusowa poyambira. Anayamba ndi zimene zinali pafupi.

"Babaveka yunifomu ya Chigwilizano. Duku ni ija yoyela unatuma pa Khisimasi."

"Baimanga bwino? Sibakonda ikazibwela pa maso."

"Baimanga bwino. Mphumi yonse ionekela."

"Kachipsela ka pa chibwano?"

"Kalipo."

"Baoneka okalipa olo bali chabe bwino?"

"Bali monga paja ukabauza nkhani, bafuna kuseka koma bakana."

Towela analira, ndipo Moven anamumvetsera, foni ili kukhutu, maso ali pa mayi ake, kuyang'anira anthu awiri. Chivundikiro chinatsika. Zomangira zitayamba kulira, Towela anafunsa kuti chikumvekacho n'chiyani, ndipo iye anamuuza. Nthawi yomweyo Mwansa anafika akuthamanga, foni ili m'mwamba, akunena kuti yalowa, bandulo yalowa. Ataona bokosi litatsekedwa, anaibweza m'thumba pang'onopang'ono.

Atabwerako kumanda anthu anasamba m'manja pageti, anadya, n'kubalalika. Katoni ija inatsala pamtengo mpaka eni tenti anabwera kudzaipasula. Moven anaichotsa yekha n'kuiponya pa mbaula.

Masiku otsala a mweziwo kometera tsitsi kunali bata. Mpira sunkaoneka, choncho abwenzi ambiri anapezeka kuti ali ndi zochita kwina. Moven ankameta mitu mwakachetechete, moti kasitomala wina anamufunsa ngati akudwala dzino. Towela sanaimbe ndipo sanalembe. Moven ankalemba meseji, kuifufuta, kulembanso, osaitumiza. Ankaganiza kuti mlongo wake salipiranso, ndipo sakanamuimba mlandu.

Koma tsiku lake litakwana, bandulo inalowa monga mwa nthawi zonse, ndipo sipidi inabwerera yonse popanda kumenyetsa chilichonse patebulo. Lamlungu masana Moven anatseka kanyumba kake, anaika kabokosi m'thumba, ndipo miyendo inamutengera yokha kunyumba ya mayi ake. Mipando inali itabwezedwa m'malo mwake. Anakhala pampando wa pafupi ndi zenera, pamene ankakhala powagwirira foni, ndipo pa nthawi yomwe ija foni inalira.

Chithunzi chinabwera choyera ngati madzi a m'botolo. Ankaona chilichonse: ulusi wa duku la Towela, maso ake otupa, ngakhale kadontho ka madzi pa tailosi kumbuyo kwake. Sichinaime, sichinasweke ngakhale kamodzi. Towela anayang'ana mchimwene wake, kenako anayang'ana kumbali kwake, pampando wopanda munthu, ndipo anakhala akuuyang'ana nthawi yaitali.

"Lelo ionekela bwino maningi, ba Moven," anatero. "Nikuona vonse."